Phunziro loyamba lakukanikani? Kalembedwe kake m'kope lolingalira

Chaka chilichonse pasukulu pathu pano, m'boma la Angonia ku Mozambiki, pamabwera anyamata ndi atsikana ochokera kusukulu ya uphunzitsi kudzachita esitajiyu, kuyeserera kuphunzitsa m'kalasi. Onse amabwera ndi kope limene anauzidwa kuti azilembamo zolingalira akamaliza kuphunzitsa. Phunziro loyamba likayenda bwino, kopelo silivuta. Likakanika, ndimaona zinthu ziwiri. Ena amalemba mizere itatu yokha: "Ana anali aphokoso. Nthawi inachepa. Mawa ndidzayesetsa." Ena amadzaza masamba anayi ndi kudzitukwana, mpaka kufunsa ngati uphunzitsi ndi ntchito yawo. Onsewa m'mawa mwake amalowa m'kalasi n'kubwereza cholakwika chomwe chija, chifukwa palibe amene walemba chimene chinachitikadi.

Ndikufotokozerani njira imene ndimawaphunzitsa, potsata nkhani ya mtsikana wina amene anaphunzitsa masamu m'kalasi yanga yachitatu. Dzina lake silofunika. Ana anali 68, nthawi inali mphindi 45, mutu unali kuchotsera kobwereka, ndipo phunziro linali la m'Chipwitikizi, ngakhale kuti ana onsewo kwawo amalankhula Chinyanja. Belu litalira mtsikanayo anatuluka maso ali pansi, nakaima kuseri kwa chipinda cha aphunzitsi. Nditamupeza anangoti, "Aphunzitsi, ana anuwa andinyoza."

Choyamba: musanachoke pasukulu, tolani zimene zifufutike

Anthu ambiri amaganiza kuti kulemba kumayamba madzulo kunyumba. Ayi. Ntchito yoyamba ndi ya mphindi 10 zokha belu likangolira, ndipo si yolemba maganizo. Ndi yotolera umboni usanasowe.

Pa bolodi pamafufutidwa phunziro lina likamayamba. Choncho jambulani ndi foni zimene munalemba, kapena koperani mofulumira momwe zilili, osakonza. Kenako pemphani mwini kalasi akubwerekeni makope a ana. Simukusowa onse 68. Tengani 12: anayi a kutsogolo, anayi a pakati, anayi a kumbuyo. Musasankhe a ana amene anakweza manja, chifukwa amenewo ndi amene anakumvani, ndipo akunamizani. Ngati makopewo akufunika pa phunziro lotsatira, koperani mayankho awo papepala, mubweze.

Chinanso n'kufunsa amene anakhala kumbuyo kukuonerani. Musafunse kuti "Ndaphunzitsa bwanji?" Funso limenelo limabala mayankho awiri okha, kukusangalatsani kapena kukuphwanyani. Funsani zinthu zowerengeka: ndinayamba kufotokoza nthawi yanji, ndinatha mphindi zingati nditafulatira ana, ndi ana angati amene analankhula paokha. Ine ndikamaonerera ndimalemba nthawi m'mphepete mwa pepala, ndipo aphunzitsi ambiri akale amachita chimodzimodzi. Ngati wanu sachita, mupempheni phunziro lisanayambe.

Chachiwiri: tsamba la mkwiyo, lapadera

Mukafika kunyumba, idyani kaye. Kenako tengani pepala losamangidwa m'kope, mulembepo zonse zimene zili kukhosi: manyazi, mkwiyo, mwana uja anaseka, kuuma kwa pakamwa, thukuta ngakhale kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni wa kuno kumapiri. Lembani m'Chinyanja, chifukwa Chipwitikizi cha kusukulu chimakukakamizani kuvala jekete ngakhale muli nokha. Dzipatseni mphindi 10, zikatha lekani.

Pepala limeneli si la woyang'anira, ndipo mukhoza kuling'amba. Ntchito yake ndi imodzi: kuchotsa mawu oweruza kuti asalowe m'zimene mulembe pambuyo pake. Koma musanaling'ambe, tengamo chiganizo chimodzi chonena nthawi imene mtima unasintha. Mtsikana uja analemba kuti, "Mantha anandigwira pamene anyamata awiri anayamba kulimbirana timitengo, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangofuna belu lilire." Chiganizo chimenechi n'chofunika, chifukwa chikulongosola chimene anachita pambuyo pake: anathawira pa bolodi, nafulatira ana.

Musagone musanalembe zotsalazo. Pofika m'mawa, mutu umakhala utakonza kale nkhaniyo, wina wolakwa wapezeka, ndipo zing'onozing'ono zapita.

Chachitatu: pulani mbali iyi, zimene zinachitika mbali iyo

Tsopano tsegulani kope. Pamwamba lembani tsiku, kalasi, chiwerengero cha ana amene analipo, mutu wa phunziro, ndi cholinga chake monga munachilembera m'pulani, mawu ake omwewo. Dulani tsamba pakati ndi mzere. Kumanzere lembani pulani ndi mphindi zake, kumanja zimene zinachitika ndi mphindi zake.

Pulani ya kuno ku Mozambiki mukuidziwa, ili ndi zigawo zinayi: kulowetsa ana m'phunziro ndi kuwakopa, kufotokoza chatsopano, kuchizoloweretsa ndi ntchito, ndi kuyesa ngati chalowa. Mtsikana uja anagawa motere: mphindi 5, 15, 15, ndi 10. Pa pepala zinali bwino ndithu, ndipo ndinasaina ndine.

Kumanja kunatuluka zina. Kuitana mayina 68 kunadya mphindi 8, ndipo m'pulani munalibe n'komwe. Kugawa timitengo towerengera kunadya 11, chifukwa anabweretsa thumba limodzi n'kumayenda mwana ndi mwana. Kufotokoza pa bolodi kunatenga 14. Ana kukopera tsiku ndi chitsanzo, 5. Zatsala 7 zochitira masamu awiri, belu n'kulira. Chigawo chachinayi, choyesa ngati amva, sichinachitike.

Lamulo la mbali ya kumanja ndi ili: lembani zokhazo zimene munthu woima pazenera akanaona kapena kumva. "Ana sanafune kuphunzira" munthu wa pazenera sangaone. Angaone kuti ana asanu a benchi lakumbuyo ankamanga kanyumba ndi timitengo. "Ndinafotokoza bwino" sangaone. Angamve kuti munati, "2 sangachotse 7, ndiye tibwereka 1," n'kulemba ka 1 kakang'ono pambali pa 2. Mawu anu enieni alembeni momwe munawanenera. Mafunso amene munafunsa alembeninso, ndi amene anayankha. Mtsikana uja anapeza kuti funso limene anafunsa kwambiri, kanayi konse, linali lakuti "Mwamva?", ndipo kanayi konse kalasi yonse inayankha pamodzi kuti inde. Ana athu amaphunzira msanga kuti yankho la funso limenelo ndi inde. Ndi ulemu chabe, monga kuyankha moni.

Mayina a ana musalembe. Kope limeneli lidzawerengedwa ndi anthu amene anawo sakuwadziwa. Lembani "mtsikana wa pafupi ndi khomo" kapena chilembo chimodzi.

Chachinayi: makope a ana, pamene pali nkhani yonse

Apa ndi pamene ndimafuna muchedwepo, chifukwa ndi pamene kulingalira kumasiyana ndi kudandaula.

Ana anapatsidwa masamu awiri: 52 − 27 ndi 61 − 28. Titakhala pansi ndi makope 12 aja, mtsikanayo anayamba kuchonga, ichi cholakwa, ichi cholakwa. Ndinamugwira dzanja. Kuchonga kumangokuuzani kuti angati alephera, zimene mukuzidziwa kale. Chimene mukufuna ndi kudziwa kuti mwana anaganiza bwanji kuti afike pa yankho limenelo. Yankho lolakwa la mwana kawirikawiri silikhala longolota. Limakhala ndi njira yake, ndipo ana angapo akalakwa mofanana, ndiye kuti njirayo anaitenga penapake, mwina kwa inu.

Pa 52 − 27, yankho loona ndi 25. Makope 9 mwa 12 analemba 35. Iye anati, "Aiwala kuchotsa chimene anabwereka." N'zotheka: mwana abwereka, apeza 12 − 7 = 5, koma aiwala kuti 5 wa makumi watsika kukhala 4, ndiye achita 5 − 2 = 3, yankho 35. Koma pali njira inanso yofikira pa 35. Mwana amene sanabwereke n'komwe amayang'ana 2 ndi 7, aona kuti 2 ndi wochepa, angotembenuza: 7 − 2 = 5, kenako 5 − 2 = 3. Yankho 35 lomwelo. Ana awiriwa ali ndi mavuto osiyana kwambiri, koma samu imeneyi ikuwaonetsa ngati amodzi. Zimachitika choncho nthawi zonse pamene manambala awiri a kumanja asiyana ndi 5.

Samu yachiwiri ndi imene inaulula. Pa 61 − 28 yankho loona ndi 33. Mwana wobwereka n'kuiwala kutsitsa amapeza 11 − 8 = 3 ndi 6 − 2 = 4, ndiye 43. Mwana wongotembenuza amapeza 8 − 1 = 7 ndi 6 − 2 = 4, ndiye 47. Titawerenga: ana 7 analemba 47, awiri analemba 43, awiri anakhoza, mmodzi anangokopera funso osayankha. Ndiye kuti vuto lalikulu silinali kuiwala. Ana ambiri sanalowe n'komwe m'nkhani yobwereka. Anachita zimene ankadziwa kale, kuchotsa chaching'ono ku chachikulu, mzere ndi mzere.

Akanati alembe m'kope kuti "ana amaiwala kutsitsa", m'mawa mwake akanatha mphindi 45 akukumbutsa ana chinthu chimene sanachiyambe. N'chifukwa chake m'kope mwanu muzilemba mayankho olakwawo enieni ndi chiwerengero chake, osati "ambiri analephera".

Phunziro lanu likhoza kukhala la Chipwitikizi kapena la sayansi, koma kachitidwe n'komweko. Unjikani mayankho ofanana pamodzi, mutenge mulu waukulu, mudzifunse kuti mwana woganiza bwino akanafika bwanji pamenepa atamva zimene ine ndinanena.

Chachisanu: pezani mphindi imene phunziro linathyoka

Pafupifupi aliyense amene ndamufunsa kuti phunziro linaonongeka pati amaloza pamene panali phokoso. Mtsikana uja analoza mphindi ya 12, pa ndewu ya timitengo. Phokoso ndi limene limapweteka, ndiye ndi limene timakumbukira. Koma yesani funso ili: chinthu chimenechi chikanapanda kuchitika, ana akanakhoza samu ija? Ndewu ikanapanda kuchitika, iye akananenabe kuti "tibwereka 1", ndipo ana 7 aja akanalembabe 47. Ndiye si pamenepo.

Bwererani ku mbali ya kumanja ija, muyende mzere ndi mzere mukufunsa funso lomwelo. Iye anaima pa mphindi ya 22, ana ali chete n'kukhala chete, pamene analemba ka 1 kakang'ono. Anati tikubwereka 1, koma 2 uja anasanduka 12, osati 3. Mwana wa zaka 8 kapena 9 amene akudziwa kuti 2 kuphatikiza 1 ndi 3 ali ndi chifukwa chokanira zimenezi mumtima mwake. Palibe pamene ananena kuti chobwerekedwacho ndi khumi lathunthu. Ndipo timitengo timene tikanaonetsa zimenezo tinali tomwazika, tosamanga m'mitolo ya khumikhumi. Popanda mtolo palibe chomasula. Timitengo tinadya mphindi 11, tinayambitsa ndewu, ndipo pa kufotokoza konse sanatigwire ngakhale kamodzi.

Pali chinanso chimene anachipeza yekha. Mawu oti kubwereka anawanena m'Chipwitikizi basi. Ana amadziwa bwino kubwereka mchere kapena khasu kwa anansi, koma liwu lachipwitikizilo ambiri sanalilumikize ndi zimenezo. Iye ankaopa kuti akalankhula Chinyanja woyang'anira amudula mamalikisi. Komatu maphunziro a pulaimale amene anayamba mu 2004 analola chinenero cha ana kuthandizira m'kalasi yophunzitsidwa m'Chipwitikizi, ndipo kuno ku Tete nkhaniyi si yachilendo: kuyesa koyamba kophunzitsa m'zinenero ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, kunachitika ndi Chinyanja kuno ndi Chishangana ku Gaza. Pomwepo ine ndimaona kuti ngakhale liwu loti kubwereka lili ndi vuto lake, chifukwa chobwereka chimabwezedwa, pamene apa palibe chobweza. "Kumasula mtolo" kapena "kusintha ndalama" kumanena zoona kuposa. Mwana aliyense amene anatumidwapo kumsika wa ku Ulongwe amadziwa kuti kobiri la 10 metikali likhoza kusinthidwa kukhala makobiri khumi a 1 metikali, ndalama osachepa.

Mukapeza mphindi yanu, ilembeni m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mbali zitatu: chimene ndinachita, chimene ana anachita, ndi umboni wake. Ndipo mulembe kuti "ndikuganiza kuti", chifukwa makope 12 si kalasi yonse, ndipo simunafunse mwana aliyense. Ndi ganizo loti mukaliyese, osati chigamulo.

Chachisanu ndi chimodzi: zanu ndi zosakhala zanu

Gawo ili ndi lalifupi. Ana 68 m'chipinda chimodzi, mabuku osakwana, ena kukhala pansi, ena kubwera osadya: zimenezi n'zoona, zilembeni pa mzere umodzi. Koma mawa zidzakhalapobe. Funso ndi lakuti pulani yanu inaziwerengera kapena ayi. Kuchuluka kwa ana si mlandu wa mtsikana uja, koma kugawa timitengo mwana ndi mwana m'kalasi ya 68 kunali kusankha kwake. Akanamanga mitolo usiku n'kupatsa atsogoleri a magulu, mphindi 3 zikanakwana.

Apa ine ndinamuuzanso kuti alembe zanga. Pulani ndinaiona, sindinafunse kuti timitengoto tamangidwa kapena ayi, ndipo sindinamuuze kuti mayina ndimaitana ana ali kale pa ntchito. Koma samalani kalembedwe kake. Kope lolingalira si bwalo la milandu. "Sindinafunse mwini kalasi momwe amaitanira mayina" ndi chiganizo chimene chingakuthandizeni. "Mwini kalasi sanandithandize" chingokudanitsani ndi munthu amene mukhale naye masabata angapo.

Lembaninso chinthu chimodzi chimene chinayenda, koma chikhale ndi umboni ngati zinazo. Osati chodzitonthoza nacho. Kwa iye chinali chakuti makope onse 12 anaika manambala molunjika, makumi pansi pa makumi, chifukwa anajambula mzere pakati pa bolodi. Chimenecho n'chosunga.

Chachisanu ndi chiwiri: kusintha kumodzi, ndi njira yodziwira ngati kwagwira

Mtima ukakhala wowawa umafuna kusintha zonse: mawu, nthawi, mwambo, zipangizo. Mukasintha zisanu pakamodzi, phunziro likayenda simudzadziwa chimene chathandiza, likakanika simudzadziwa chimene chaononga. Sankhani chimodzi, chimene chikukhudza mphindi ija munapeza. Zing'onozing'ono monga kuitana mayina zikonzeni ndithu, koma zisatenge malo a chachikulucho.

"Ndidzafotokoza momveka" si kusintha. Kusintha kumanena chimene manja anu ndi pakamwa panu zidzachite, pa mphindi iti, ndi chimene mudzayang'ane pambuyo pake. Nazi zimene mtsikana uja analemba pamapeto, nditazichotsa m'Chipwitikizi chimene anapereka kwa omuyang'anira:

"Cholinga chinali choti ana athe kuchotsera manambala a mizere iwiri pobwereka. Pa mphindi 45, ana anagwira ntchito paokha mphindi 7 zokha, ndipo sindinayese ngati amva. Ndinachita mantha pamene anyamata awiri analimbirana timitengo, ndipo kuchokera pamenepo ndinafotokoza nditayang'ana bolodi kwa mphindi 14. Ndinati tikubwereka 1, osaonetsa kuti ndi khumi. Pa makope 12, ana 7 anayankha 47 pa 61 − 28, kusonyeza kuti anachotsa chaching'ono ku chachikulu osabwereka. Ndikuganiza kuti sanamvetse chimene chimabwerekedwa, chifukwa sanachione, ndipo liwu lake ndinalinena m'Chipwitikizi chokha. Samu ya 52 − 27 sinandithandize kusiyanitsa zolakwa, sindidzaigwiritsanso ntchito poyesa. Mawa ndidzabwera ndi mitolo ya timitengo khumikhumi yomangidwa kale ndi mphira. Gulu lililonse lidzayala mitolo 6 ndi kamtengo kamodzi, ndipo ndidzawapempha kuti andipatse timitengo 8. Sindidzawauza chochita mpaka wina atamasula mtolo. Ndidzanena m'Chinyanja kaye kuti tamasula khumi, kenako m'Chipwitikizi, kenako n'kulemba pa bolodi. Mphindi 8 zomaliza aliyense adzachita 72 − 39 yekha. Ndidzatenganso makope 12 a ana omwewo. Akalemba 47 ndiye kuti sanasinthe, akalemba 43 ndiye kuti ayamba kubwereka koma akuiwala kutsitsa, akalemba 33 ndiye kuti amva."

Onani kutalika kwake. Ndi tsamba limodzi, kuphatikiza tsamba lodulidwa pakati lija. Siliyenera kupitirira pamenepo. Onaninso kuti samu yoyesera anaisankha dala, kuti cholakwa chilichonse chitulutse yankho lakelake. Zimenezi anaziphunzira pa 35 uja.

Za mabuku ndi mayina a akatswiri

Kusukulu ya uphunzitsi mwina anakuphunzitsani ndondomeko ya Graham Gibbs ya 1988, ya masitepe 6: zimene zinachitika, momwe munamvera, zabwino ndi zoipa, chifukwa chake, zimene mwaphunzira, ndi chimene mudzachite. Mukayang'ana bwino, zimene ndafotokozazi zikukwana m'menemo, ndipo ngati omuyang'anira akufuna mitu imeneyo, ikani. Chimene ndimadana nacho ndi kope limene lili ndi mitu yonse 6 yolembedwa bwinobwino, pansi pake mulibe mwana ngakhale mmodzi, mulibe yankho ngakhale limodzi. Chimodzimodzinso kutchula akatswiri. Mutchuleni katswiri pokhapokha akulongosola chinthu chimene mwachiona ndi maso. Mwachitsanzo, Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, ana ambiri amayankha ndipo mayankho amatalika. Ngati mbali yanu ya kumanja ikuonetsa kuti munafunsa mafunso 6 n'kudziyankha nokha asanu, pamenepo dzina lake lili ndi ntchito. Popanda zimenezo ndi chokongoletsera.

Kuliyesa tsambalo musanatseke kope

Liwerengeni mokweza kamodzi. Paliponse pamene pali mawu ngati "bwino", "ambiri", "osamvera", "aulesi", imani mufunse kuti angati, ndani, anachita chiyani. Ngati simungayankhe, fufutani. Kenako phimbani tsiku ndi mutu wa phunziro ndi dzanja. Ngati zotsalazo zikhoza kukwana pa phunziro lina lililonse la munthu wina aliyense, simunalembe za phunziro lanu. Chomaliza, dzifunseni ngati mnzanu wa esitajiyu atawerenga ndime yomaliza angathe kulowa m'kalasi mawa n'kuchita zimene mwalembazo osakufunsani kanthu.

Pansi pa tsamba siyani mizere isanu yopanda kanthu, mulembepo tsiku la mawa. Ndi malo a zotsatira.

Mtsikana uja anamanga mitolo usiku umenewo ndi ana a panyumba pamene ankagona, atadula chubu chakale cha njinga kukhala timphira. M'mawa mwake magulu anakhala kanthawi akuyang'ana mitolo 6 ndi kamtengo kamodzi, osadziwa kuti 8 achokera kuti, ndipo ndinamuona akulimbana ndi pakamwa pake kuti asawauze. Kenako mtsikana wa pafupi ndi khomo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, n'kololedwa kumasula?" Phokoso linalipo ndithu, mwina kuposa dzulo lake, ndipo nthawi inaperewerabe ndi mphindi ziwiri kapena zitatu. M'mizere isanu ija analemba kuti pa 72 − 39, ana 6 analemba 33, anayi analemba 43, ndipo awiri analembabe 47, onse awiri a benchi lakumbuyo, amene mtolo wa gulu lawo unali m'manja mwa mnyamata mmodzi nthawi yonse. Tsamba la tsiku limenelo linayambira pa anayi a 43 aja.